Kuyesa kulondola kwa mapu a droni ndi mapoyinti oyesera

*"Ndajambula ndi droni sikimu ya ulimi wothirira ya mahekitala 60 kuno ku Salima. Ndinaika mapoyinti 8 oyezedwa ndi RTK, ndipo lipoti la pulogalamu likuti RMSE ndi masentimita 2. A injiniya akuti nambalayo sakuikhulupirira, akufuna umboni wakuti mapu sakuphonya kupitirira masentimita 10. Ndiwayese bwanji?" Saveya wongoyamba kumene, Salima*

Achimwene, a injiniyawo musawakwiyire, akunena zoona. Mapoyinti 8 aja pulogalamu inawagwiritsa ntchito pomanga mapu. Inakoka zithunzi, kuzitembenuza ndi kuzipinda mpaka zitakhala bwino pa mapoyintiwo, kenaka n'kukuuzani kuti zakhala bwino. Zili ngati mwana amene wadzifunsa yekha mafunso a mayeso n'kudzichongeranso yekha. Masentimita 2 amenewo akungonena kuti mapoyinti anu 8 akugwirizana okhaokha. Za ngalande yomwe ili pakati pa mapoyinti awiri, kapena ngodya ya sikimu kumene simunaikeko poyinti, nambalayo sikunenapo kanthu.

Choncho pamafunika magulu awiri a mapoyinti. Loyamba ndi la mapoyinti omangira, aja amalembedwa kuti `GCP` pa kompyuta. Lachiwiri ndi la mapoyinti oyesera, amene mumawayeza pansi koma pulogalamu simuilola kuwagwiritsa ntchito pomanga mapu. Mapulogalamu ambiri a droni ali ndi posankha kuti poyinti iyi ikhale `Check Point`. Poti mapu anu atha kale, palibe chovuta: bwererani ku sikimu ndi RTK yanu mukayeze malo amene akuoneka bwino pa chithunzi.

Pa kachulukidwe kake, ndondomeko ya ku Amereka ya NSSDA ya 1998, imene asaveya a m'maiko ambiri amabwereka, imati asachepere 20. Bungwe la ASPRS, m'ndondomeko yake ya 2023, linakweza nambalayi kufika 30. Imanenanso NSSDA za kamwazidwe kake: mukagawa dera panayi, chigawo chilichonse chikhale ndi mapoyinti osachepera 20 pa 100 alionse, ndipo atalikirane pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mtunda wochoka pa ngodya ina kukafika pa ngodya yopingasana nayo. Tiyerekeze kuti sikimu yanu ndi mamita 1,000 m'litali ndi 600 m'lifupi. Mtunda wopingasawo ndi mamita pafupifupi 1,170, ndiye mapoyinti anu asayandikane kuposa mamita 117. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti munthu amayeza mapoyinti onse 20 m'mbali mwa msewu umodzi chifukwa ndi momwe njinga yamoto imafika. Akatero wayesa msewu, sanayese sikimu. Pitani dala m'mphepete, ndi kutali ndi mapoyinti omangira, poti n'kumene mapu a droni amakonda kupotoka.

Kusankha malo enieni oyezapo ndiye ntchito imene imafuna maso. Poyinti yoyesera iyenera kukhala chinthu chimene mungachiloze pa chithunzi ndi pansi popanda kukangana kuti ndi pano kapena apo. Ngodya ya simenti ya pa mjigo ndi yabwino. Ngodya ya kalavati, kapena pamene ngalande ya simenti yakumana ndi bokosi logawira madzi, ndi pabwinonso. Pakati pa chulu, tsinde la mtengo wa mango, mphambano ya tinjira ta m'munda, zimenezi ayi, poti anthu awiri sangaloze pamodzi. Tsiku lina mukamadzaulutsanso droni, dzapakeni penti pa miyala yokhazikika kapena pa simenti musanauluke. Masaka okhomera ndi misomali amagwira ntchito tsiku lomwelo basi. Mawa lake mupeza ana kapena mbuzi zasuntha.

Chida choyezera chiyeneranso kuposa mapu amene chikuwayesa. Kale lamulo linali lakuti chilondole katatu kuposa mapu, ndipo ndondomeko ya 2023 ija inatsitsa kufika kawiri. RTK yoikidwa bwino imalondola mpaka masentimita awiri kapena atatu, ndiye pa malire anu a masentimita 10 ikukwana. GPS ya m'manja kapena ya pa foni imaphonya ndi mamita atatu, asanu. Imeneyo mungayesere mapu a 1:50,000, pamene theka la milimita papepala ndi mamita 25 pansi, koma pa mapu a droni mungakhale mukuyeza kuphonya kwa foniyo.

Tsopano masamu ake. Pa poyinti iliyonse muli ndi manambala awiri a kum'mawa, ina yowerenga pa mapu ndi ina yoyeza pansi, ndi awirinso a kumpoto. Chotsani ya pansi pa ya pa mapu. Ndikupatsani chitsanzo cha manambala ongoyerekeza, ndipo ndatenga mapoyinti khumi okha kuti muthe kutsatira ndi pensulo. Kusiyanaku kuli m'masentimita, `dE` ndi kwa kum'mawa, `dN` kwa kumpoto.

```
     dE   dN
1    +6   -4
2    +9   +5
3    +3   +2
4    +8   -6
5    +5   +3
6   +10   -2
7    +7   +7
8    +4   -5
9   +11   +4
10   +7   -4
```

Yambani ndi mzere wa kumpoto. Mukaphatikiza manambalawo monga alili, apulasi ndi amainasi amadyana, yankho n'kukhala 0. Munthu wosadziwa angati kumpoto mapu sakuphonya, pamene poyinti ya 7 yaphonya ndi masentimita 7. N'chifukwa chake timayamba tachulukitsa nambala iliyonse ndi iyo yokha: mainasi amachoka, ndipo kuphonya kulikonse kumawerengedwa. Za kumpoto zimakhala 16, 25, 4, 36, 9, 4, 49, 25, 16, 16, pamodzi 200. Gawani ndi kuchuluka kwa mapoyinti, 10, mupeza 20. Sikweya ruti ya 20 ndi 4.5, ndipo imeneyo ndiye RMSE ya kumpoto, masentimita 4.5. Chitaninso chimodzimodzi kum'mawa: zonse pamodzi ndi 550, kugawa ndi 10 ndi 55, sikweya ruti yake 7.4.

```
RMSE_E = sqrt( sum(dE^2) / n )
RMSE_N = sqrt( sum(dN^2) / n )
RMSE_r = sqrt( RMSE_E^2 + RMSE_N^2 )
```

Mzere wachitatuwo umalumikiza mbali ziwirizi kuti mupeze kuphonya kwa pansi posayang'ana kolowera. Kwa ife ndi sikweya ruti ya 55 kuphatikiza 20, ndiye kuti ya 75, yomwe ndi masentimita 8.7. Pa Excel, ngati kusiyana kwa kum'mawa kuli mu `B2:B11`, lembani izi, ndipo yachiwiriyo musaisiye, muona ntchito yake posachedwa:

```
=SQRT(SUMSQ(B2:B11)/COUNT(B2:B11))
=AVERAGE(B2:B11)
```

Onetsetsani kuti manambala anu ali m'mamita a UTM musanayambe. Mukachotsera madigiri a latichudi ndi longichudi mupeza tinambala ta 0.000001 tomwe si mtunda.

Ndiye 8.7 ili pansi pa 10, mapu akhoza? Apa mpofunika kubwerera kwa a injiniya kukafunsa chimene akutanthauza ndi masentimita 10 awo. RMSE si malire amene poyinti singadumphe. M'chitsanzo chathu chomwechi, poyinti ya 9 yaphonya ndi 11 kum'mawa ndi 4 kumpoto, pamodzi masentimita 11.7, ndipo ya 2 ndi ya 6 nazonso zadumpha 10 pang'ono. Kuphonya kukakhala komwazika mwachisawawa, mofanana mbali zonse, mapoyinti pafupifupi 63 okha pa 100 ndi amene amagwera m'kati mwa `RMSE_r`. Otsalawo amakhala kunja. Ngati a injiniya akufuna kuti pafupifupi malo onse, tinene 95 pa 100, akhale m'kati mwa masentimita 10, pali kuchulukitsa kwina. NSSDA imati muchulukitse `RMSE_r` ndi 1.7308 pamene RMSE ya kum'mawa ndi ya kumpoto zili zofanana. Zikasiyana, koma yaing'ono isanatsike pansi pa 0.6 ya yaikulu, mumatenga avereji ya ziwirizo n'kuchulukitsa ndi 2.4477. Zathu, 4.5 kugawa ndi 7.4, zangokwanira pa 0.6 penipeni, ndipo yankho ndi masentimita pafupifupi 14.6. Mapu omwewo, mapoyinti omwewo, akhoza pa muyeso woyamba, alephera pa wachiwiri. Ndaona anthu akukangana mwezi wathunthu pa nkhani ya malipiro chifukwa chikalata cha ntchito chinangoti "masentimita 10" osanena kuti a mtundu uti. Ndondomeko ya ASPRS ya 2023 inasiya za 95 pa 100 n'kungotsala ndi RMSE, koma zikalata zambiri zimalembedwabe mwakale, ndiye funsani, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa.

Koma chimene ine ndimayang'ana choyamba si RMSE. Bwererani ku mzere wa kum'mawa muuyang'ane ndi maso okha. Manambala onse khumi ndi apulasi. Kuphonya kwachisawawa sikutero, kumagwa uku ndi uko monga za kumpoto zija. Avereji ya kum'mawa ndi +7, kutanthauza kuti mapu onse akhala ngati akankhidwira kum'mawa ndi masentimita 7. RMSE imasakaniza zinthu ziwiri m'nambala imodzi, kukankhika kwa mapu onse ndi kumwazika kwa poyinti iliyonse payokha, ndipo mukhoza kuzilekanitsa mosavuta. Pa 55 uja, 49 ndi wa kukankhika, poti 7 kuchulukitsa ndi 7 ndi 49. Wotsala ndi 6, sikweya ruti yake masentimita 2.4. Ndiye kuti kum'mawa mapuwa ndi abwino kwambiri m'kati mwake, kuposa kumpoto, kungoti akhala pamalo olakwika. Kukankhikako kutachoka, `RMSE_r` ingatsike kuchoka pa 8.7 kufika pa 5.1. Dziwaninso kuti 1.7308 ndi 2.4477 zija zinapangidwa poganiza kuti kukankhika kulibe, ndiye 14.6 wathu uja ndi nambala yosadalirika mpaka nkhaniyi itathetsedwa.

Chimakankha mapu n'chiyani? Kawirikawiri ndi besi ya RTK. Tsiku loyeza mapoyinti omangira inakhala pa chikhomo china, tsiku loyeza oyesera pa china, ndipo zikhomo ziwirizo sizigwirizana. Kapena ndi chikhomo chimodzi koma tsiku lina miyendo itatu yoimikapo besi sinakhale pakati penipeni, kapena wina analakwitsa nambala imodzi polowetsa malo a besi. Ndodo nayo imanama. Kadontho ka levulo kakasokonekera, ndodo ya mamita awiri yopendekeka madigiri awiri okha imasuntha mutu wake ndi masentimita 7, ndipo ngati wogwira ndodo amayang'ana mbali imodzi pa poyinti iliyonse, kuphonyako kumaloza kumodzi ponseponse. Taonani kuti pa zonsezi wolakwa akhoza kukhala mapoyinti oyeserawo, mapu ali bwinobwino. Njira yodziwira ndi yotchipa. Tsiku loyeza oyesera, yezaninso mapoyinti omangira awiri kapena atatu amene akadalipo, ndi bikoni ya boma ngati ili pafupi. Akatuluka monga anatulukira poyamba, miyeso ya masiku awiriwo ikugwirizana, ndipo vuto lifunidwe m'kamangidwe ka mapu kapena m'kalozedwe kanu pa chithunzi. Akatuluka osuntha ndi masentimita 7 omwewo, mwapeza kuti miyeso ya masiku awiriwo ndiyo yasemphana, ndipo bikoni ikuuzani tsiku limene linali lolondola.

Pali kukankhika kwina kwakukulu kumene aliyense wogwira ntchito ya mapu m'Malawi muno amakumana nako. Mapu akale a 1:50,000 a ku Dipatimenti ya Saveyi, ndi manambala a mabikoni ambiri akale, ali pa datamu ya Arc 1950, pamene droni ndi GPS zimatulutsa WGS 84. Zonse zimalembedwa kuti UTM zoni 36 kummwera, ndipo manambala ake amaoneka ofanana, koma malo amodzi amasiyana ndi mamita pafupifupi 300 kumpoto ndi kummwera, ndi mamita makumi ochepa kum'mawa ndi kumadzulo. Ine ndili wamng'ono pa ntchitoyi ndinataya masiku awiri ndikufufuza chimene chavuta pa chida, chonsecho fayilo imene ofesi ina inatipatsa inali ya Arc 1950 popanda kulembapo. Mu QGIS yang'anani ngati leya ili pa `EPSG:20936`, yomwe ndi ya Arc 1950, kapena `EPSG:32736`, ya WGS 84. Mukaona mapoyinti onse aphonya mamita mazana atatu mbali imodzi, musavutike n'kuwerengera RMSE.

Mukapeza kukankhika, mtima umafuna kungosuntha mapu ndi masentimita 7 kumadzulo, n'kuwerengeranso ndi mapoyinti omwewo, n'kulemba 5.1 mu lipoti. Mukatero mapoyinti oyesera aja asanduka omangira, ndipo mwabwerera ku vuto la masentimita 2 lija. Konzani chimene chinayambitsa, mangani mapu kachiwiri ngati n'kofunika, ndipo ngati munagwiritsa ntchito mapoyinti oyesera pokonza, kayezeni ena atsopano.

Chizolowezi chabwino n'kujambula kuphonya kwa poyinti iliyonse ngati kamuvi pa mapu, mokulitsa kuti kaoneke. Timivi tonse tikaloza kumodzi, ndi kukankhika. Tikamazungulira pakati ngati kamvuluvulu, mapu atembenuka pang'ono. Tikaloza kunja tonse kuchokera pakati, n'kumakula pofika m'mphepete, sikelo yalakwika, ndipo nthawi zina n'chifukwa chosakaniza mitunda ya pansi ndi ya pa giridi ya UTM. Tikakhala tating'ono ponse koma tatikulu ku ngodya imodzi, kumeneko kunasowa poyinti yomangira kapena zithunzi sizinalowane mokwanira. Zinayi zonsezi zikhoza kupereka RMSE yofanana, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Nanga poyinti imodzi ikaphonya moonjeza? Tinene kuti pali ya 11 imene yaphonya ndi masentimita 60 kum'mawa. Sikweya yake ndi 3,600, kuposa ena onse khumi pamodzi kasanu ndi kamodzi, ndipo RMSE ya kum'mawa imalumpha kuchoka pa 7.4 kufika pa 19.4. Umu ndi momwe RMSE ilili, imalanga kwambiri kuphonya kwakukulu. Simuloledwa kungofufuta poyintiyo chifukwa yakuipitsirani nambala. Pitani mukaione. Mwina pansi munayeza ngodya ya khoma la nyumba ya pampu, koma pa chithunzi munaloza ngodya ya denga. Kupatula kuti denga limatuluka kunja kwa khoma, chinthu chokwera chimaoneka chopendekera kunja pa chithunzi: droni ili mamita 100 m'mwamba, denga lokwera mamita atatu, lotalikira mamita 20 kuchokera pansi penipeni pa kamera, limasuntha ndi masentimita pafupifupi 60. Ngati n'choncho, munafanizira zinthu ziwiri zosiyana, ndipo poyintiyo muichotse, n'kulemba mu lipoti kuti mwaichotsa ndi chifukwa chake. Koma mukapeza kuti ndi ngodya ya simenti ya pansi, yoyezedwa bwino, yolozedwa bwino, ndiye kuti mapu ndi opotoka pamenepo, ndipo poyintiyo ikhale m'masamu. Imeneyo ndi imene a injiniya akufuna kuidziwa asanakumbe ngalande.

Kalozedwe kanu pa kompyuta nakonso kali ndi malire. Ngati pikiselo imodzi ndi masentimita atatu pansi, simungaloze ngodya molondola kuposa pamenepo kwenikweni. Ndimakonda kuti wowerenga manambala pa mapu asaone kaye manambala a pansi, chifukwa dzanja limatsata kumene maso akudziwa kuti kuli yankho. Ngati muli ndi mnzanu, m'patseni chithunzi ndi zojambula za malo a mapoyinti, iye aloze, inu muchotsere. Ndondomeko ya 2023 ija imafunanso kuti kuphonya kwa chida choyezera kulowe m'nambala yomaliza, mwa masikweya momwemo. Ndi RTK ya masentimita awiri, 8.7 amangokhala 8.9.

Poti ndi sikimu yothirira, a injiniya adzafunsanso za kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Njira ndi yomweyo pa mzere umodzi wa `dZ`, ndipo wofuna 95 pa 100 amachulukitsa ndi 1.96. Yembekezerani nambala yokulirapo kuposa za kum'mawa ndi kumpoto, ndipo musayezere m'chimanga kapena mu udzu wautali, poti droni imaona nsonga za mbewu. Mapoyinti a pamtetete ndi a m'zomera muwawerengere padera.

Lipoti lanu likhale ndi tebulo la mapoyinti onse ndi kusiyana kwake, kamapu koonetsa pamene ali pamodzi ndi omangira aja, tsiku ndi chida chimene munayezera, chikhomo kapena bikoni imene besi inakhalapo, ndi datamu. Pansi pake lembani avereji ya kum'mawa ndi ya kumpoto, RMSE zitatu zija, ndi poyinti imene yaphonya kwambiri. Chiganizo chomaliza chinene poyera kuti mapu ayesedwa ndi mapoyinti angati amene sanagwiritsidwe ntchito pomanga, ndipo nambala imene mukufanizira ndi masentimita 10 awo ndi RMSE kapena ya 95 pa 100. Mapoyinti akachepera 20 chifukwa malo olozeka bwino anasowa, lembani momwemo, ndi mbali ya sikimu imene sinayesedwe.